Mankhwala amodzi, mitengo itatu: zomwe ndimafotokozera odwala bipi akafika pa kauntala

Mwana wa mayi wina wodwala bipi anabwera ku famase kumene ndimagwira ntchito ali ndi buku la kuchipatala la amayi ake. M'bukumo dokotala analemba kuti amlodipine 5 mg, m'bulu umodzi pa tsiku. Anali atayenda kale m'mafamase awiri, ndipo funso lake linali lomwe timalimva pafupifupi tsiku lililonse: "Achimwene, uko andiuza mtengo wina, kuno mukundiuza wina. Enieni ndi ati?" Ndifotokoza yankho lake pogwiritsa ntchito amulodipini yemweyu, chifukwa ndi mankhwala omwe munthu amamwa moyo wake wonse, ndiye kusiyana kwa mtengo kumaoneka bwino mukawerengera pa chaka.

Tiyerekeze mitengo itatu. Manambala awa ndangowasankha kuti masamu aoneke, poti mitengo ya mankhwala siikhalitsa. Famase yoyamba yati K45,000 pa kabokosi ka mibulu 30 kolembedwa Norvasc. Yachiwiri yati K9,000 pa kabokosi ka mibulu 30 kolembedwa dzina lina. Yachitatu yati K2,000 basi, koma ikugulitsa kachipepala kamodzi ka mibulu 10. Musanayerekeze chilichonse, gawani mtengo ndi chiwerengero cha mibulu. Koyamba m'bulu ndi K1,500, kwachiwiri K300, kwachitatu K200. Pa mwezi, famase yachitatu idzakudyerani K6,000, osati K2,000. Pa chaka ndi K540,000, K108,000 ndi K72,000. Anthu ambiri amasokonezeka pomwepa, chifukwa pafoni amangofunsa kuti "amulodipini ndi zingati" osafunsa kuti muli mibulu ingati. Mabokosi ena amakhala ndi mibulu 28, ena 30, ena 100, ndipo wogulitsa amatchula mtengo wa chomwe chili m'manja mwake.

Tsono n'chifukwa chiyani K1,500 ndi K200 pa chinthu chimodzi? Pa mabokosi ambiri pamakhala mayina awiri. Lalikulu, lokongoletsedwa, ndi dzina la malonda lomwe kampani inasankha yokha. Laling'ono, kawirikawiri lili pansi pake, ndi dzina la mankhwala enieni ali mkatimo, ndipo limeneli kawirikawiri ndi limodzi dziko lonse lapansi. Norvasc ndi dzina la malonda lomwe kampani ya Pfizer, yomwe inatulukira amulodipini, inapatsa mankhwalawa. Kampani ikatulukira mankhwala atsopano imapatsidwa chiphaso cha umwini cha zaka 20 kuchokera pomwe yalembetsa, ndipo m'zaka zimenezi palibe wina wololedwa kupanga mankhwalawo popanda chilolezo chake. Mtengo umakhala wokwera chifukwa kampaniyo ikubweza ndalama za kafukufuku, za kuyesa pa odwala ambirimbiri ndi za kutsatsa, komanso chifukwa ilibe wopikisana naye. Chiphaso cha Norvasc chinatha ku America mu 2007. Kuyambira pamenepo makampani ambiri amapanga amulodipini, ndipo awa ndiwo timawatcha majeneriki. Sabwerezanso kafukufuku woyamba uja, ndipo akulimbirana msika, n'chifukwa chake mtengo umagwa.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti pa shelefu pali magulu atatu, osati awiri. Pali mankhwala a mwini wake woyamba uja. Pali jeneriki yomwe yangolembedwa dzina la mankhwala basi, Amlodipine Tablets 5 mg. Pakati pake pali jeneriki yomwe kampani yaipatsa dzina lakelake la malonda, monga Amlopres ya Cipla kapena Stamlo ya Dr. Reddy's, makampani onse awiri a ku India. Gulu lapakatili ndilo ladzaza m'mafamase athu. Munthu amaona dzina lokongola n'kuganiza kuti wagula "orijino," pomwe wagula jeneriki yovala suti. Palibe cholakwika ndi mankhwalawo, koma mudziwe chomwe mukulipirira. Tonse timadziwa kale zimenezi pa panado: Panado ndi Panadol ndi mayina a malonda, mkatimo muli parasetamolo, ndipo mutu sudziwa kuti m'buluwo unachokera m'bokosi lanji.

Funso lenileni la mnyamata uja linali lakuti kodi otchipawo ali ndi mphamvu yofanana. Jeneriki yovomerezeka iyenera kukhala ndi mankhwala omwewo, mlingo womwewo, ndi kamwedwe komweko. Kuonjezera apo, kawirikawiri kampani iyenera kusonyeza kuti m'bulu wake umalowa m'magazi mofanana ndi wa mwini wake. Amatenga anthu athanzi ongodzipereka, nthawi zambiri makumi awiri kapena atatu. Aliyense amamwa m'bulu wa mwini wake, amutenga magazi kangapo kwa maola ambiri, adikira kuti mankhwalawo atheretu m'thupi, kenako amwa jeneriki n'kumutenganso magazi. Amayerekeza zinthu ziwiri: pomwe mankhwala anafika pachimake m'magazi, ndi kuchuluka kwa onse omwe analowa m'thupi.

Mwina munamvapo za malire a 80 mpaka 125 pa 100, ndipo ena amawamasulira kuti jeneriki ikhoza kuperewera mphamvu ndi 20 pa 100. Si choncho. Malirewo sanena za mankhwala ali m'kati mwa m'bulu. Amanena kuti zotsatira za kuyesa kuja, pamodzi ndi kukayikitsa konse kwa masamu ake, ziyenera kukwana m'kati mwa mpandawo. Kuti zikwane, kusiyana kwenikweni kuyenera kukhala kochepa kwambiri. Bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, litaunika mayeso otere oposa 2,000 a pakati pa 1996 ndi 2007, linapeza kuti kusiyanako kunali pafupifupi 4 pa 100. Kwa amulodipini, yemwe amakhalitsa m'magazi kwa maola 30 mpaka 50 asanatsike ndi theka, kusiyana kotere thupi silikumva.

Zomwe zimasiyanadi ndi zophatikizira: ufa wodzazira m'bulu, chomatira, utoto, chikuto, kukula ndi maonekedwe. N'chifukwa chake amulodipini wina ndi woyera wozungulira, wina ndi wa ngodya. Mudzaonanso pa kabokosi kena palembedwa amlodipine besylate kapena besilate, pa kena amlodipine maleate. Mawu achiwiriwo akungotchula mchere womwe amangirira nawo mankhwala kuti apangike m'bulu. Mlingo wa 5 mg umawerengedwa pa amulodipini weniweniyo, ndiye onse ndi ofanana.

Ife Amalawi tili ndi umboni wathu pa nkhaniyi. Chaka cha 2001 chisanafike, mankhwala otalikitsa moyo a makampani eni ake ankadya ndalama zoposa madola 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka. Mu 2001 Cipla inalengeza kuti ipereka mankhwala atatu ophatikiza pa madola 350 pa chaka. Chaka chomwecho bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linayamba ndondomeko yoyendera mafakitale ndi kuyesa mankhwala otere asanagulidwe ndi mabungwe othandiza. Maearavi omwe abale athu akhala akulandira kwaulere m'zipatala kwa zaka zonsezi ambiri ndi majeneriki a ku India. Ndimatchula izi kwa aliyense wonena kuti "a ku India ndi ofooka," chifukwa mabanja ambiri ali ndi munthu amene ali moyo lero chifukwa cha iwo.

Izi zafotokoza K1,500 ndi K300. Nanga K300 ndi K200, kapena mafamase awiri ogulitsa kabokosi kamodzimodzi, kampani imodzi, mitengo iwiri? Apa nkhani si ya mankhwala, ndi ya malonda. Mankhwala ambiri m'dziko muno amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi madola. Amadutsa kwa woitanitsa, kwa wopikulitsa, kenako ku famase, ndipo aliyense amaikapo phindu lake pamwamba pa mtengo womwe wapezera. Mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu, dola imodzi inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze kabokosi kofika m'dziko muno pa madola 2. Lisanafike tsikulo kanali K2,360, litadutsa kanali K3,400. Tiyerekezenso kuti wopikulitsa amaikapo 20 pa 100 ndipo famase 40 pa 100. Kabokosi kakale kafika pa kauntala pa pafupifupi K3,965, katsopano pa pafupifupi K5,712. Famase yomwe ikugulitsabe katundu woodedwa kale ndi yomwe yaoda sabata ino zidzasiyana, ngakhale zili khomo ndi khomo. Onaninso kuti phindu likamawerengedwa pa 100, kukwera kulikonse kwa kumtunda kumakula pomwe kukutsika.

Kusowa kwa ndalama zakunja kumaonjezera moto. Woitanitsa akalephera kulipira kunja, mtundu wina wa mankhwala umasowa, ndipo yemwe watsala nawo amakweza. Kwinako ndi zodziwikiratu: famase yaikulu yooda makatoni ambiri ndi kulipira pompo imapatsidwa mtengo wotsika kuposa yaing'ono yooda pangongole, lendi ya mumolo si ya ku Ndirande kapena ku Kawale, famase yotsegula usiku wonse ili ndi antchito ambiri ndi jenereta. Famase ya m'kati mwa chipatala cholipira nthawi zambiri imakwererapo chifukwa ikudziwa kuti wodwala wotopa safuna kuyendanso. Muli ndi ufulu wopempha pepala la mankhwala n'kukagula kwina. Ndipo kabokosi komwe katsala miyezi yochepa kuti kathe mphamvu kamatsitsidwa mtengo kuti kachoke. Ngati mukugula za mwezi umodzi, palibe vuto. Ngati mukugulira amayi za miyezi isanu ndi umodzi zoti mutumize kumudzi, werengani tsiku lolembedwa pa EXP, muone ngati lidutsa tsiku lomwe adzamwe m'bulu womaliza.

Tsopano mbali yomwe ndimaikirapo mtima kwambiri. Mavuto omwe ndimawaona posintha mtundu wa mankhwala sachokera pa kufooka kwa jeneriki. Amachokera pa kusokoneza mabokosi.

Loyamba ndi kumwa kawiri. Agogo ali ndi Stamlo wotsala kunyumba, mwana wawo wa ku tauni wawatumizira Amlopres, ndipo chifukwa mayina ndi maonekedwe n'zosiyana, akumwa onse awiri poganiza kuti dokotala waonjezera mankhwala. Ndiye kuti akumwa mamiligalamu 10 m'malo mwa 5. Zizindikiro zake ndi kutupa kwa mapazi ndi pa akakolo, chizungulire poimirira, mutu, kutentha kumaso ndi mtima kugunda mofulumira. Kupewa kwake n'kosavuta: bwerani ndi mabokosi onse ali kunyumba, tiwaike pa kauntala, tiwerenge mayina aang'ono aja limodzi. Ine ndimalemba ndi cholembera pa kabokosi katsopano kuti "awa alowa m'malo mwa aja," ndipo ndimapempha wogula kuti abwereze zomwe ndanena.

Lachiwiri ndi zilembo za kumapeto kwa dzina. Amlopres ndi amulodipini yekha, koma Amlopres-AT muli amulodipini ndi atenololo, mankhwala ena ochedwetsa kugunda kwa mtima, omwe sayenera kuperekedwa mwachisawawa kwa munthu wa mphumu. Makampani amakonda kuonjezera chilembo chimodzi kapena ziwiri, kapena mawu akuti Plus, posonyeza kuti muli mankhwala achiwiri. Mukaona mayina aang'ono awiri pa kabokosi pomwe dokotala analemba limodzi, amenewo si mankhwala anu, kaya ndi otchipa chotani. Chimodzimodzinso mukaona S-amlodipine. Ameneyu amawerengedwa mosiyana: 2.5 mg yake imafanana ndi 5 mg ya amulodipini wamba. Munthu womwa 5 mg wamba akapatsidwa S-amlodipine 5 mg, mlingo wake wawirikiza osadziwa.

Lachitatu ndi kuthyola mibulu. Nthawi zina m'bulu wa 10 mg umakhala ndi mtengo woyandikana ndi wa 5 mg, ndiye kuuthyola pakati kumachepetsa ndalama. Kwa amulodipini wokhala ndi mzera pakati n'zotheka, bola mufunse kaye wamankhwala ndiponso womwayo akhale woona bwino ndi wa manja osanjenjemera. Koma musatengere chizolowezichi ku mankhwala ena. Mibulu yolembedwa SR, XR, MR, CR kapena Retard inapangidwa kuti izitulutsa mankhwala pang'onopang'ono. Nifedipini, mankhwala ena a bipi, wa mtundu umenewu mukamutafuna kapena kumuphwanya, mphamvu yonse imatuluka nthawi imodzi ndipo bipi ikhoza kugwa mwadzidzidzi. Zilembo zomwezi zimafotokozanso mitengo ina yooneka yodabwitsa: metifomini wa shuga wolembedwa XR amadula kuposa wamba, ndipo sasinthanitsidwa popanda dokotala kusintha kamwedwe.

Pali mankhwala ochepa omwe sindilimbikitsa kusinthasintha kampani ngakhale dzina ndi mlingo zikufanana. Awa ndi omwe mpata wa pakati pa mlingo wothandiza ndi mlingo wovulaza uli wochepa: ena a khunyu monga fenitoyini ndi kabamazepini, wafarini wochepetsa kuundana kwa magazi, levotairokisini wa chithokomiro, ndi lifiyamu wa matenda ena a maganizo. Sikuti jeneriki yake ndi yoipa. Mukhoza kuyamba ndi jeneriki n'kukhala nayo bwinobwino. Chofunika n'kukhala pa kampani imodzi, ndipo ikasowa n'kukakamizika kusintha, auzeni adokotala kuti aone ngati pakufunika kuyeza magazi. Amulodipini sali m'gulu limeneli.

Komabe pali kutchipa komwe muyenera kukuopa. Jeneriki ndi mankhwala achinyengo n'zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale anthu amazisakaniza. Mu 2017 WHO inanena kuti pafupifupi chimodzi mwa zinthu 10 zilizonse za mankhwala m'mayiko osauka ndi apakatikati chimakhala chosafika muyezo kapena chachinyengo. Ndipo achinyengo amakonda kukopera dzina lodula, chifukwa phindu lili kumeneko, ndiye kulipira zambiri si chitetezo. Chitetezo ndi komwe mwagula. Kuno bungwe lolembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa mafamase ndi PMRA, lomwe linalowa m'malo mwa bodi yakale ya mankhwala potsatira lamulo la 2019. Famase yovomerezeka imapachika chiphaso chake poonekera, ndipo simulakwa kuchiyang'ana. Amulodipini wa pa benchi mumsika, wokhala padzuwa tsiku lonse pomwe kabokosi kake kakuti asungidwe posatentha kuposa madigiri 25 kapena 30, ngakhale atakhala weniweni simungadziwe chomwe chatsalamo. Mankhwala okhala ndi chizindikiro cha boma akamagulitsidwa pa okala, ndiye kuti abedwa kwa odwala omwe akanalandira ulere.

Kabokosi kakafika m'manja mwanu, onani zinayi. Dzina laling'ono ndi mlingo zifanane ndi zolembedwa m'buku. Pakhale dzina la kampani yopanga ndi komwe ili. Nambala ya Batch, yosonyeza gulu la mankhwala opangidwira pamodzi, ndi tsiku la EXP za pa kabokosi zifanane ndi zodindidwa pa kachipepala ka mkati, zikasiyana, bwezani. Ndipo mibulu ikhale yofanana, yosafumbutuka, yosasintha mtundu, m'kachipepala kosabooka. Mukagula kachipepala kodulidwa ndi sizasi, pemphani mbali yomwe ili ndi tsiku. Akakupatsani mibulu m'kaenivelopu, alembepo dzina la mankhwala, mlingo, kamwedwe ndi tsiku lotha mphamvu.

Mukasintha, mungadziwe bwanji kuti atsopanowo akugwira? Bipi simamveka m'thupi, ndiye "ndikumva bwino" kapena "awa sakundiyanja" si muyezo. Yezani. Musanasinthe, lembani manambala a masiku atatu. Mukasintha, dikirani masabata awiri, chifukwa amulodipini amatenga pafupifupi sabata kuti akhazikike m'magazi, kenako yezaninso masiku atatu. Yezani nthawi yofanana tsiku lililonse, munthu atakhala pansi mphindi zisanu, msana utatsamira, mkono uli pa tebulo, kawiri motsatizana. Kwa odwala ambiri cholinga n'kukhala pansi pa 140/90, pokhapokha dokotala atanena china. Manambala akafanana ndi akale, khalani pa otchipawo ndi mtima wonse. Akakwera, musathamangire kunena kuti mankhwala ndi abodza. Funsani kaye ngati panali masiku odumpha, ngati mchere wachuluka m'ndiwo, ndiponso ngati akumwa aibupulofeni kapena daikolofenaki chifukwa cha msana kapena mawondo, poti amenewa amakweza bipi. Zonsezi zikakhala kuti palibe, bwererani ndi kabokosiko ku famase ndi kwa dokotala, musakataye, chifukwa nambala ya Batch ndiyo imathandiza kulondoloza ngati katunduyo ali ndi vuto.

Kudumpha masiku kumeneku ndiko kumandidetsa nkhawa kuposa mtundu wa kabokosi. Banja limagula a K45,000 mwezi woyamba pofuna kusonyeza chikondi, mwezi wachiwiri ndalama zavuta, amayi ayamba kumwa tsiku lina n'kudumpha lina kuti mibulu ikhalitse, mwezi wachitatu asiyiratu. Pa ndalama yomweyo akanagula za miyezi isanu kwa K9,000 pa mwezi. Kumbukiraninso kuti ku chipatala cha boma mankhwala a bipi ndi aulere akakhalapo, ndiye famase ikhale yodzaza mpata pomwe kumeneko asowa.

Mnyamata uja ndinamuonetsa mabokosi awiri, tinawerenga limodzi dzina laling'ono, mlingo, Batch ndi EXP. Anatenga jeneriki ya miyezi itatu, ndinamulembera pa kabokosi kuti "m'bulu umodzi m'mawa uliwonse," ndipo ndinamuuza kuti akafika kumudzi achotse kaye mabokosi akale onse pa mutu wa bedi wa amayi ake asanawapatse atsopanowa. Ndinamupemphanso kuti ajambule kabokosiko pafoni, mbali ya dzina ndi mbali ya Batch, kuti ulendo wina akamaimba m'mafamase azifunsa motere: "Muli ndi amulodipini wa mamiligalamu 5? Wa kampani yanji, muli mibulu ingati, ndipo akutha mphamvu liti?"